Kuluka ndi ulusi wa mitundu iwiri popanda makwinya

Mukamaluka ndi mitundu iwiri mumzere umodzi, mtundu umodzi umagwira ntchito pomwe unzake ukudikira. Wodikirawo sudulidwa ayi. Umayenda kumbuyo kwa nsalu, n'kudutsa masitichi a unzake mpaka ufike pamene ukufunikanso. M'malangizo ano tiziutcha ulusi wodutsa. Ulusi umenewu ndi umene umaweruza ngati chipewa chikhale chosalala ndi cholowa m'mutu, kapena chituluke chokwinyika ndi chothina.

Chifukwa chake n'chapafupi. Sitichi ndi kagoli kopindika, ndiye mukakoka nsalu kagoliko kamatambasuka, nsalu n'kutamuka. Ulusi wodutsa ulibe popindika. Ndi chingwe chowongoka, ndipo utali umene mwaupatsa poluka ndi womwewo mpaka kalekale. Ukachepa, umakoka masitichi a mbali ziwiri kuti ayandikane, ndipo a pakati, posowa kopita, amatukuka kumaso ngati m'chiuno mwa siketi ya lasitiki. Choncho ntchito yonse ndi yopatsa ulusi wodutsa utali wokwanira, ndi kuupatsa mofanana nthawi iliyonse.

Tiona zimenezi pa chinthu chimodzi: chipewa cha munthu wamkulu, choyenera mphepo ya m'mawa ya mu Juni ndi Julayi kuno ku Lilongwe. Mutu wake ndi wa masentimita 56 mozungulira. Pansi ndi pabuluu wakuda, ndipo patani ndi ya timadayamondi toyera.

Ulusi ndi singano

Mpukutu umodzi wa magalamu 100 wa buluu ndi magalamu 50 a woyera zikwanira, zina n'kutsala. Tengani ulusi wapakatikati, uja pa pepala lake amalemba DK, wolukidwa ndi singano za mamilimita 4. Mitundu yonse iwiri ikhale yonenepa mofanana. Wina ukakhala wowonda, masitichi ake amamira pakati pa a unzake, ndipo nsalu imaoneka yokwinyika ngakhale manja anu sanalakwitse kanthu. Poyesa, kulungani ulusi uliwonse pa pensulo mosakoka, mizere yogundana, n'kuwerenga kuti yalowa ingati pa masentimita 2. Ikasiyana ndi mizere yoposa umodzi, musaiphatikize.

Ambiri amamasula majuzi a pa kaunjika, ngati aja a ku msika wa Tsoka, kuti apeze ulusi wabwino motchipa. Ulusi woterewu umatuluka wopotanapotana, ndipo ukadutsa kumbuyo uli choncho umabisa utali wake weniweni. Ukulungeni kaye kumsana kwa mpando, muumange malo anayi, muuviike m'madzi ofunda pang'ono, kenako muupachike pamthunzi kuti uwongoke musanaugwiritse ntchito.

Singano zikhale za mamilimita 3.5 zolukira mkombero wa m'munsi, ndi za mamilimita 4 zolukira thupi la chipewa. Mungathe kuluka mozungulira, ndi singano ziwiri zolumikizidwa ndi kachingwe ka masentimita 40, kapena singano zisanu zosongoka mbali zonse. Mungathenso kuluka ndi singano ziwiri zowongoka n'kudzasoka kumbuyo. Kuzungulira n'kosavuta pa ntchito iyi chifukwa mumaluka puleni yekhayekha ndipo patani imakhala pamaso panu nthawi zonse. Za singano zowongoka tizinena patsogolo.

Kuwerengera masitichi

Musatenge chiwerengero cha chipewa cha mtundu umodzi n'kungolowetsamo patani. Nsalu ya mitundu iwiri imatuluka yopapatiza kuposa ya mtundu umodzi, ngakhale kwa woluka waluso, ndipo imatamuka pang'ono. Lukani kaye kansalu koyesera ka masitichi 40 ndi patani yomweyo, mukachape, kaume katagona, muyeze masentimita 10 pakati pake osati m'mphepete.

Tiyerekeze kuti ndi mtundu umodzi mumapeza masitichi 22 pa masentimita 10. Masitichi 112 akupatsani masentimita 51, ndipo chipewa chotero chimagwira bwino mutu wa 56 chifukwa chimatamuka. Kansalu ka mitundu iwiri, pa singano zomwezo, katha kukupatsani masitichi 24 pa masentimita 10. Masitichi 112 aja tsopano angokwana masentimita 47, pa nsalu yosatamuka kwenikweni. Ndiye muyenera kuwonjezera. Patani yathu imabwereza pa masitichi 8, choncho chiwerengero chiyenera kugawika ndi 8. Masitichi 128 akupatsa masentimita 53, ochepera mutu ndi 3 okha, ndipo pa nsalu iyi kusiyana kumeneku ndiye koyenera.

Yambani ndi masitichi 112 a buluu pa singano za 3.5, mulukire mkombero wa puleni awiri pelo awiri mpaka masentimita 5. Sinthani singano, mutenge za 4, ndipo mumzere wotsatira muziwonjezera sitichi imodzi mukaluka 7. Muwonjezera 16, n'kufika 128. Lukani mizere iwiri ya buluu yekha, kenako muyambe patani. Mukadzaimaliza mudzabwerera pa 112 poluka 6 kenako awiri pamodzi mzere wonse, apo ayi gawo la mtundu umodzi lidzatukuka pamwamba pa patani.

Ena amati ingotengani singano yaikulupo, ya 4.5, pagawo la patani. Zimathandiza kubwezera m'lifupi, ndipo si zolakwika. Koma singano yaikulu imakulitsa masitichi basi, siitalikitsa ulusi wodutsa. Ngati dzanja lanu limakoka, makwinya adzabwerabe, kungoti pa masitichi akuluakulu.

Patani yake ili motere, pa masitichi 8 aliwonse. Mzere woyamba: buluu 4, woyera 1, buluu 3. Wachiwiri: buluu 3, woyera 3, buluu 2. Wachitatu: buluu 2, woyera 5, buluu 1. Wachinayi: buluu 1, woyera 7. Kenako mubwerere chotsika, wachitatu, wachiwiri, woyamba. Mizere yonse ndi 7.

Wina pansi, wina pamwamba

Musanayambe, sankhani malo a ulusi uliwonse ndipo musawasinthe mpaka chipewa chithe. Mpukutu woyera ukhale kumanzere kwanu, wabuluu kumanja. Mukamatenga woyera, uzibwera kuchokera pansi pa wabuluu. Mukamatenga wabuluu, uzidutsa pamwamba pa woyera. Mukatero ulusi sumapotana, ndipo kumbuyo kwa nsalu kumaoneka mizere yogona mwadongosolo, wina pamwamba pa unzake. Mukaona zingwe ziwiri zochokera kumipukutu zikupotana, dziwani kuti mukutenga mitundu yonse kuchokera mbali imodzi.

Pali chifukwa china chachikulu. Ulusi wobwera kuchokera pansi umapanga masitichi otalikirapo pang'ono, ndiye mtundu wake umaonekera kwambiri kumaso. N'chifukwa chake wa patani ndi umene umapatsidwa malo apansi. Mukasinthanitsa pakati pa ntchito, madayamondi ena amatuluka onenepa, ena owonda ngati akufufutika, ndipo kusiyanako kumaoneka munthu ali patali. Ngati muika ntchito pansi kwa masiku, lembani pa kapepala kuti woyera ndi wapansi.

Kaya mumagwira ulusi wonse ndi dzanja lamanja n'kumasiya wina potenga wina, kaya woyera mumaugwira kumanzere ndi wabuluu kumanja, zonse zimatheka. Njira ya manja awiri ndi yachangu mukaizolowera, koma poyamba dzanja lamanzere limagwira mosiyana ndi lamanja, ndiye yesererani pa kansalu kaye.

Kutambasula musanasinthe mtundu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu akamaluka, masitichi amene wangomaliza kumene amaunjikana pa singano yakumanja, pafupi ndi nsonga. Akatenga mtundu wina ali chounjikana choncho, ulusi wodutsa umayezedwa pa nsalu yofinyika. Pa singano zonse zimaoneka bwinobwino. Vuto limadzaonekera pamene nsalu yatsika n'kufuna kugona m'lifupi mwake.

Tengani mzere wachiwiri monga chitsanzo. Mwaluka woyera 3, kenako buluu 5, kutanthauza awiri omaliza gawo ili ndi atatu oyamba gawo lotsatira. Tsopano mukufuna woyera.

1. Imani kaye, musagwire woyera. Ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanja, kokerani masitichi a pa singano yakumanja chakumbuyo, kutali ndi nsonga, kuyambira pa sitichi yoyera yomaliza. Masitichi 5 abuluu aja atambasuke mpaka atenge malo omwe angatenge nsalu itagona patebulo, n'kupitirirako pang'ono.

2. Apanikizeni pa singano ndi chala kuti asabwerere. Lowetsani nsonga mu sitichi yotsatira.

3. Bweretsani woyera kuchokera pansi, muugoneke kumbuyo kwa masitichi otambasukawo. Ungokhudza nsalu, osalendewera, osakokeka.

4. Kulungani ndi kutulutsa sitichi monga mwa nthawi zonse. Mukaitulutsa musakoke ulusi pofuna kuilimbitsa.

Chachinayichi ndi chimene chimagwetsa ambiri. Sitichi yoyamba ya mtundu watsopano imaoneka yaikulu ndi yomasuka, ndiye dzanja limafuna kuikoka kuti ifanane ndi zinzake. Mukakoka, ulusi umene mukuchotsawo ukuchokera pa wodutsa uja. Isiyeni. Mukaluka mzere wapamwamba pake imakhazikika yokha.

Mungadabwe kuti kulakwitsa kwakung'ono kumafika pati. Pa masitichi 24 pa masentimita 10, sitichi imodzi ndi mamilimita 4 ndi pang'ono, ndiye ulusi wodutsa masitichi 5 uyenera kukhala woposa masentimita awiri. Ukapelewera ndi mamilimita 2 okha, diso silingaone. Koma patani ikubwereza ka 16 kuzungulira chipewa, ndiye mzere umodziwo wataya masentimita oposa 3, tisanawerengere wabuluu pamene nawo ukudutsa kumbuyo kwa oyera. Chipewa cha 53 chasanduka cha 50 kapena kucheperapo, ndipo mzerewo udzaluma pamphumi.

Tambasulani pa kusintha kulikonse, ngakhale pamene ulusi ukudutsa masitichi awiri kapena atatu okha. Poyamba zimachedwetsa. Mukazungulira mizere ingapo chala chimayamba kuchita chokha. Pa kachingwe ka masentimita 40 samalani kwambiri, chifukwa chipewa cha masentimita 53 chimakhala chofinyika kale pamenepo. Kankhirani kuunjikanako pa kachingwe, kutali, kuti pa singano yakumanja pakhale malo otambasulira. Singano zachitsulo zoterera zimalola masitichi kubwerera msanga, pomwe zansungwi zimawagwira pamene mwawasiya, ndiye kwa wophunzira zansungwi n'zabwinopo. Ndipo manja akachita thukuta, monga zimakhalira ndi kutentha kwa mu Okutobala, ulusi wa akiriliki umakakamira pa zala n'kumafika wokokeka. Pukutani manja, ndipo ngati mumaukulunga kawiri pa chala chaching'ono, ukulungeni kamodzi.

Ulusi wodutsa patali

Mzere woyamba uli ndi masitichi 7 abuluu pakati pa oyera, ndipo wachinayi uli ndi oyera 7. Ulusi wodutsa masitichi 7 ndi wopitirira masentimita 3. Wotalika choncho ndi wovuta kuuyeza ndi diso, ndiponso umakola zala, mabatani ndi ndolo. Lamulo limene oluka ambiri amatsata n'lakuti ukapitirira masitichi 5 mpaka 7, kapena masentimita awiri ndi theka, umangiriridwe pakati. Pa chovala cha khanda chepetsani ndithu, musalole kupitirira masitichi atatu kapena anayi, makamaka m'mikono, poti tizala timakodwa.

Ngati mumagwira ulusi umodzi pa nthawi, kumangirira kwake n'kotere. Mumzere woyamba, mukaluka buluu 3, tambasulani monga kale, gonekani woyera pamwamba pa ulusi wabuluu pafupi ndi nsalu, kenako mupitirize kuluka ndi buluu. Woyera watsekeredwa kumbuyo popanda kulukidwa. Izi zimapotanitsa zingwe za kumipukutu kamodzi, ndiye pomangirira potsatira potanitsirani mbali inayo kuti zimasuke.

Ngati mumagwira ndi manja awiri, njira zake ndi ziwiri. Pomangirira wakumanzere mukuluka ndi wakumanja, lowetsani singano mu sitichi, nsonga ipitenso pansi pa ulusi wakumanzere, kulungani wakumanja, n'kutulutsa wakumanja yekha. Sitichi yotsatira muiluke mwa nthawi zonse, ndipo ndi imeneyo imene imatseka. Pomangirira wakumanja mukuluka ndi wakumanzere, lowetsani singano, kulungani wakumanja ngati mukufuna kuluka nawo, kulungani wakumanzere, kenako bwezani wakumanja uja pomwe unadzera, n'kutulutsa sitichi ya wakumanzere.

Kumangirira kuli ndi mavuto ake, choncho musachite paliponse. Pamalo omangirirapo ulusi wobisika umatha kusuzumira kumaso, makamaka wakuda kumbuyo kwa woyera, ndipo chipewa chikatamuka pamutu timadontho timaonekera. Mukamangirira pa sitichi yomweyomweyo mizere yotsatizana, pamapangika kamsewu kolowa m'kati kuyambira pansi mpaka pamwamba. Muzisuntha: mzere uno pa sitichi yachitatu, winawo pa yachisanu. Ndipo kumangirira sikuchiza kukoka. Ulusi wothina womangiriridwa umangopanga makwinya awiri ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu.

Pa mzere wachinayi pali njira yoposa kumangirira. M'malo mwa oyera 7, lukani oyera 3, buluu 1, oyera 3. Dayamondi ikhala ndi kadiso pakati, wabuluu sadutsanso kuposa masitichi atatu pamzerewo, ndipo palibe chosuzumira. Mapatani akale a ku Fair Isle, kachilumba ka ku Shetland kumpoto kwa Scotland komwe kalukidwe aka kanatchukira, amamangidwa ndi nzeru yomweyi: mitundu iwiri yokha pamzere, ndipo mtundu umodzi suyenda patali usanasinthane ndi unzake. Mukamajambula patani yanuyanu m'kope la masamu la timabokosi, werengani mtunda wautali wa mtundu umodzi mumzere uliwonse, osaiwala pamene mapeto a gawo akumana ndi chiyambi cha lotsatira. Mumzere wathu woyamba 4 ndi 3 amaoneka ochepa pa pepala, koma pa singano ndi 7.

Pangodya pa singano

Woluka ndi singano zisanu amaika masitichi 32 pa iliyonse mwa zinayi, n'kumaluka ndi yachisanu. Pamene singano ziwiri zikumana pali ngodya, ndipo ulusi wodutsa umakonda kudula njira m'kati mwa ngodyayo m'malo motsata nsalu. Chizindikiro chake ndi mizere inayi yothina yoima chilili, motalikirana mofanana, pomwe kwina konse kuli bwino.

Mukafika pangodya, gonekani singano yomwe mwamaliza ndi yomwe mukuyamba kuti zikhale mzera umodzi wowongoka, mutambasule, ndipo pokhapo mudutsitse ulusi. Ngati wodutsayo ndi wautali, mumangirireni pa sitichi yoyamba kapena yachiwiri ya singano yatsopano kuti akakamizike kutsata ngodya. Kusuntha malire a singano ndi masitichi awiri kapena atatu pakapita mizere ingapo kumathandizanso, bola chiyambi cha mzere chikhale ndi kaulusi kachizindikiro.

Njira ina yodalirika kwa amene dzanja lawo limakoka ndi kutembenuza chipewa, kunja kukhale m'kati. Mumalukabe puleni, kumaso kwa nsalu mukukuonabe, koma tsopano mukugwira ntchito pa mbali yakutali ya bwalo, mukusuzumira m'kati mwake. Ulusi wodutsa umayenda kunja kwa bwalo, komwe njira ndi yotalikirapo, ndiye umapeza utali wowonjezera wokha. Pa zinthu zopapatiza monga mikono, masokosi ndi magolovesi kusiyana kwake n'kwakukulu.

Pa singano ziwiri zowongoka

Yambani ndi masitichi 114 m'malo mwa 112, kuti mukawonjezera akhale 130. Imodzi mbali iliyonse ndi yosokera, siilowa mu patani. Mzere wa puleni muwerenge patani kuchokera kumanja, wa pelo kuchokera kumanzere. Pamzere wa pelo ulusi wodutsa umayenda mbali yoyang'ana inu, ndipo kutambasula n'chimodzimodzi. Woyera akhalebe wapansi mbali zonse ziwiri.

Zovuta zake ndi ziwiri. Anthu ambiri amagwira mosiyana pa pelo ndi pa puleni, ndiye mukayang'ana kumbuyo mupeza mzere wina wothina, wina womasuka, mosinthanasinthana. Mukazindikira mbali imene mumakoka, onjezerani kutambasula kumeneko. Chachiwiri ndi m'mphepete. Mitundu yonse iwiri ifike kumapeto a mzere uliwonse, ngakhale patani ithere kutali ndi mphepete. Mukasiya woyera pa sitichi yake yomaliza n'kudzamutenga pobwerera, pamatsala kabowo ndipo mphepete imakhala yopyapyala kuposa pakati. Mudutsitseni mpaka kumapeto, mumupotanitse ndi wabuluu musanaluke sitichi yosokera, kenako mutembenuze.

Kuyesa ntchito isanapite patali

Musadikire kuti dayamondi ithe. Mukaluka mizere itatu ya patani, sunthirani theka la masitichi pa ulusi wina kapena pa singano ina kuti chipewa chitambasuke chonse, muchigoneke patebulo. Yezani ndi tepi: chopindidwa pawiri chikhale masentimita 26 ndi theka. Chikakhala 24 kapena 25, mukukoka.

Kenako chitembenuzeni. Nsalu itagona yokha, ulusi wodutsa uyenera kugona pa nsalu mofatsa, mopindika pang'ono kwambiri, moti singano yolukira ilowe pansi pake popanda kutukula nsalu kumaso. Kokani nsalu m'lifupi ndi manja awiri. Iyenera kutamukako ndithu ulusi wodutsa usanawongoke n'kuimitsa. Ikaima nthawi yomweyo, ngati mwakoka chingwe, ndi yothina. Yesaninso pamutu penipeni, chifukwa ndi pamene mzere umodzi wothina umadziulula.

Kumaso nako kumanena. Masitichi a mtundu umodzi akatukuka ngati kaphiri pakati pa a mtundu wina, ulusi wa kumbuyo kwawo ndi waufupi. Sitichi yoyamba ndi yomaliza ya woyera zikaoneka zazing'ono, zomira, ndiye kuti munakoka mutasintha mtundu. Zikaoneka zazikulu, zotseguka, ndi timabowo pambali, ndipo kumbuyo ulusi ukulendewera moti chala chonse chikulowa, mwamasula mopitirira.

Pa ziwirizi, kumasula n'kwabwinopo. Ulusi wotsala mungathe kuukokera kumbuyo ndi nsonga ya singano mpaka sitichi yaikulu ija ifanane ndi zinzake, n'kuugawira pang'onopang'ono kwa masitichi oyandikana a mtundu womwewo. Wothina alibe pomutengera. Ngati ndi umodzi wokha, mungabwereke pang'ono kwa masitichi awiri kapena atatu a mbali iliyonse, koma ngati ndi mzere wonse, masulani mpaka pamene vuto linayambira. Pomasula, mtundu uliwonse muukulungire ku mpukutu wake sitichi ndi sitichi, chifukwa mukangosolola yonse pamodzi imakolana pamalo omangirira aja.

Kuchapa ndi kuyala

Nsalu ya mitundu iwiri ikangochoka pa singano imaoneka yosakhazikika pang'ono, ndipo zimenezo si vuto. Mukamaliza chipewa ndi kubisa nsonga za ulusi, chiviikeni m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 20, osachitikita. Chifinyeni m'thaulo, osachipotokola, kenako muchiyale pamthunzi pa muyeso wake wa masentimita 26 ndi theka, n'kusalaza masitichi ndi chikhatho. Musachipachike pa chingwe, madzi amachikokera pansi. Ngati mukukayika kuti buluu angasuluke n'kudetsa woyera, kansalu koyesera kaja kakhala katakuuzani kale.

Zimene madzi angakonze zimadalira ulusi. Wa ubweya wa nkhosa umafewa ukanyowa, masitichi amakhazikika, timakwinya tating'ono timatha, ndipo ukauma umasunga mmene mwauyalira. Wa akiriliki, umene umapezeka kwambiri m'mashopu mwathu, umasintha pang'ono chabe, ndiye musadalire kuchapa kuti kubise dzanja lokoka. Mungauthandize ndi nthunzi: tembenuzani chipewa, gwirani ayironi ya nthunzi masentimita awiri kapena atatu pamwamba pake kwa kanthawi kochepa, musalaze ndi dzanja, chizizire chili chogona. Ayironi isakhudze nsalu, ndipo nthunzi isafike pa mkombero wa m'munsi. Akiriliki akatenthedwa kwambiri amaphwa, amanyezimira, ndipo kutamuka kwake sikubwereranso. Yesani kaye pa kansalu koyesera, muone kutalika ndi nthawi zimene ulusi wanuwo ukulola.